Banki Ikadula Ndalama Popanda Chilolezo Chanu: Kalata Yoti Zibwezedwe

Akaunti yosungira ndalama anthu ambiri saiyang'anayang'ana. Munthu amaikamo kangachepe kuti akatape nthawi ya fizi kapena ya feteleza, ndipo miyezi imatha osaona sitetimenti. N'chifukwa chake ndalama zodulidwa molakwika pa akaunti yotereyi zimadziwika mochedwa, zitadulidwa kale kawiri kapena katatu. Mayankho ali m'munsiwa akutsata nkhani imodzi yongoyerekezera, ya mayi wogulitsa kaunjika amene wapeza kuti banki yake yakhala ikumudula K18,500 pa 28 mwezi uliwonse kwa miyezi itatu, akuti ndi ya inshuwalansi, pamene iye sanalowepo inshuwalansi iliyonse. Ndalama ndi masiku otchulidwa pankhani yakeyi n'zachitsanzo chabe, kuti masamu aoneke bwino.

Ndaona kuti ndalama zachepa mu akaunti. Ndilembe kalata lero lomwe?

Yambani mwatenga sitetimenti yonse. Kapepala kamene makina a ATM amatulutsa, kapena uthenga wa pafoni, kamangoonetsa mizere yochepa yomalizira, ndipo nthawi zambiri sikafotokoza kuti ndalama zapita kwa ndani. Pemphani sitetimenti ya miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, yodindidwa ndi banki. Mwina adzakulipiritsani kuti akusindikizireni; sungani lisitiyo chifukwa nayonso ndi ndalama imene mwawononga pa vuto losakhala lanu.

Pa sitetimenti mzere uliwonse umakhala ndi tsiku, mawu ofotokoza, nambala yake ndi kuchuluka kwa ndalama. Zotuluka zimakhala pansi pa mawu akuti Debit kapena DR, zolowa pansi pa Credit kapena CR. Tengani cholembera, yendani mzere ndi mzere kubwerera m'mbuyo mpaka mutapeza tsiku loyamba limene kudulako kunayamba. Mayi wathu uja anadabwa ndi K18,500 ya pa 28 Meyi, koma atabwerera m'mbuyo anapeza inanso pa 28 Epulo ndi pa 28 Malichi. Akanalemba kalata tsiku loyamba lija akanadandaula mwezi umodzi wokha, ndipo banki ikanayankha za mwezi umodzi womwewo. Wofufuza ku banki amafufuza zimene mwamuuza, safunafuna zina.

Pali nthawi imodzi yokha imene simuyenera kudikira sitetimenti. Ngati ndalama zikutuluka kangapo pa tsiku, kupita ku nambala za foni kapena ku masitolo osawadziwa, ameneyo ndi wakuba, ndipo ntchito yoyamba ndi kuimbira banki kuti itseke khadi ndi njira zonse za pafoni ola lomwelo. Kalata ibwere pambuyo.

Ndidziwa bwanji kuti kudulako n'kosaloledwadi? Mwina banki ili ndi ufulu.

Funso limeneli mudzifunse nokha musanafunsidwe, chifukwa si ndalama iliyonse yodulidwa musakudziwa imene ndi yosaloledwa. Potsegula akaunti munasaina kuti mwavomera zolipiritsa za banki, ndipo mndandanda wa zolipiritsazo banki iliyonse imakhala nawo. Ufunseni ku nthambi yanu ndipo muufananitse ndi sitetimenti. Palinso msonkho wa boma umene banki imadula pa chiwongoladzanja chimene akaunti yanu yapindula, n'kuupereka ku bungwe lotolera misonkho la MRA. Umenewo kalata yopita ku banki siingaubweze.

Chimene chimadzidzimutsa anthu ambiri ndi ngongole. Ngati muli ndi ngongole ku banki yomweyo ndipo mwatsalira pobweza, banki kawirikawiri imakhala ndi ufulu wotenga ndalama mu akaunti yanu yosungira kuti ikwanitsire ngongoleyo, ngakhale munkaganiza kuti maakaunti awiriwo sayenderana. N'chimodzimodzi ngati munasainira mnzanu kuti mudzamubwezera akalephera. Khothi nalo likhoza kulamula banki kuti ichotse ndalama mu akaunti ya munthu amene wagonja pa mlandu wa ngongole. Pa zonsezi mungatsutse kuchuluka kwa ndalamazo, koma simunganene kuti palibe maziko.

Za mayi uja n'zosiyana. Alibe ngongole, sanaimirepo munthu, ndipo mzere wa pa sitetimenti ukusonyeza kuti ndalamazo zikupita ku kampani ya inshuwalansi mwezi ndi mwezi pa tsiku lomwelomwelo. Kudula kwa mtundu umenewu kumaloledwa pokhapokha mwini akaunti atapereka chilolezo, kaya posaina fomu kaya povomera pafoni m'njira imene imasiya umboni. Zimalakwika m'njira zingapo zodziwika: kalaliki waphonya manambala polemba akaunti ya munthu wina amene analowadi inshuwalansi, wogulitsa inshuwalansi wadzaza fomu yekha kuti alandire gawo lake, kapena munthu anasiya kale inshuwalansiyo koma lamulo lodula silinafafanizidwe.

Bwanji osangokadandaula pakauntala, kapena kuimba foni?

Kadandauleni ndithu, mwina adzakuuzani pomwepo kumene ndalama zapita. Koma wa pakauntala alibe mphamvu yobweza ndalama. Amakumverani, amati "tazimva mayi, tizitumiza kulikulu", ndipo mukabwera sabata yamawa mumapeza nkhope ina imene siikudziwa kanthu. Kubweza ndalama mu akaunti ya munthu kumafuna kuti wina alembe pempho, wina wamkulu avomereze, ndipo onsewo amafuna pepala loti aikepo pa failo kuti owerengera chuma cha banki akadzafunsa adzaonetse. Kalata yanu ndiyo pepala limenelo.

Chachiwiri, kalata imakhazikitsa tsiku. Mukadzapita kwa oyang'anira mabanki kapena kukhothi, funso loyamba lidzakhala lakuti munauza liti banki ndipo inayankha chiyani. Mapangano ambiri otsegulira akaunti amanenanso kuti mwini akaunti azidandaula za cholakwika cha pa sitetimenti pasanathe nthawi yakutiyakuti. Werengani pangano lanu kuti muone. Kuchedwa sikusandutsa kudula kosaloledwa kukhala kololedwa, koma kumapatsa banki pogwira.

Mfundo yaikulu ya kalatayi ndi iti?

Ndi chilolezo. Ndalama zimene mwasungitsa ku banki, banki ili nanu ngongole, ndipo ingazitulutse pokhapokha inu mutalamula, kapena pangano lanu kapena lamulo la dziko litalola. Choncho si inu woyenera kusonyeza kuti simunasaine, pakuti palibe munthu angaonetse pepala limene kulibe. Ndi banki yoyenera kutulutsa chimene inadalira podula ndalamazo. Kalata yabwino imaika banki pa mphambano ya njira ziwiri: onetsani chilolezo changa, apo ayi bwezani ndalama zanga.

Makalata ambiri amalephera pamenepa. Wina amalemba masamba awiri kufotokoza mmene amavutikira kupeza ndalama, kuti ana abwezedwa kusukulu, kuti wakhala kasitomala wokhulupirika zaka khumi, koma osanena paliponse mawu akuti "sindinapereke chilolezo". Wina amalemba mwamanyazi kuti "sindikukumbukira ngati ndinasaina", ndipo wowerenga amangoti ndiye kuti munasaina mwaiwala. Ngati mukudziwa kuti simunalole, nenani choncho m'chiganizo chimodzi chosazungulira. Ulemu wathu wa pakamwa, woyamba ndi kupepesa kuti tikuvutitsa, ndi wabwino polonjerana ndi manijala mu ofesi yake. M'kalata umafooketsa nkhani. Mawu aulemu akhalepo, koma kukana kumveke kuti n'kukana.

Musapitirirenso mbali inayo n'kuyamba kutchula anthu kuti ndi mbava. Simukudziwa amene analakwitsa, ndipo dzina la wantchito likangolowa m'kalata pamodzi ndi mawu akuba, nkhani imasanduka yoteteza wantchitoyo m'malo mobweza ndalama.

Tioneni kalata yeniyeni. Ilembedwe bwanji?

Ndi kalata yantchito monga tinaphunzirira kusukulu: keyala yanu ndi tsiku pamwamba, keyala ya banki m'munsi mwake, malonje, mutu, thunthu ndi mathero. Ikwane tsamba limodzi. Ya mayi uja ingakhale chonchi, kuyambira pa tsiku:

3 Juni 2025

A Manijala,
(dzina la banki ndi nthambi imene munatsegulira akaunti)

Okondedwa Bambo kapena Mayi,

KUDULIDWA KWA NDALAMA POPANDA CHILOLEZO PA AKAUNTI NAMBALA (nambala yonse): PEMPHO LOTI K61,100 IBWEZEDWE

Ine ndine mwini wa akaunti yosungira ndalama imene nambala yake ili pamwambapa. Sitetimenti imene ndinatenga pa 2 Juni 2025 ikuonetsa kuti mwadula ndalama izi: K18,500 pa 28 Malichi 2025, K18,500 pa 28 Epulo 2025 ndi K18,500 pa 28 Meyi 2025, zonse zolembedwa kuti ndi za inshuwalansi. Nambala za mizere imeneyi ndi (yoyamba), (yachiwiri) ndi (yachitatu).

Ine sindinalowe inshuwalansi imeneyi ndipo sindinapereke chilolezo, cholemba kapena cha pafoni, choti ndalamazi zizidulidwa. Palibe munthu wina amene ali ndi mphamvu yosainira akaunti imeneyi.

Chifukwa cha kudulaku mwandilipiritsanso K1,200 katatu, pa masiku omwewo, ndi chindapusa cha K2,000 pa 30 Epulo 2025 chifukwa ndalama zotsala zinatsika kupitirira mlingo wanu. Zonse pamodzi ndi K61,100.

Ndikupempha kuti muimitse kudulaku lisanafike tsiku la 28 Juni 2025. Kuti mubweze K61,100 mu akaunti yanga pamodzi ndi chiwongoladzanja chimene ndalamazi zikanapindula. Ndiponso kuti, ngati mukunena kuti chilolezo chilipo, mundipatse kope lake loonetsa saini ndi tsiku. Ndikuyembekezera yankho lolemba pofika pa 17 Juni 2025. Likapanda kubwera ndidzatengera nkhaniyi ku Banki Yaikulu.

Ndaphatikiza kope la sitetimenti, pamene mizere yonse isanu ndi iwiri ndaidula mzere kunsi, ndi kope la chiphaso changa cha unzika.

Ine wanu,
(saini, dzina lonse ndi nambala ya foni)

Saini ikhale yofanana ndi imene munasiya ku banki potsegula akaunti, chifukwa adzaifananitsa. Nambala yachinsinsi ya khadi kapena ya pafoni isalembedwe m'kalata, ngakhale wina atakuuzani kuti ithandiza kufufuza.

Bwanji kalatayi ikuwerengera ngakhale tindalama ting'onoting'ono, ndipo tsiku la 17 Juni lachokera kuti?

Chifukwa banki ikavomera kulakwa imabweza chimene mwatchula. Katatu K18,500 ndi K55,500, ndipo anthu ambiri amaimira pomwepo. Koma kudula kulikonse kunabwera ndi cholipiritsa cha K1,200, zomwe ndi K3,600, ndipo kudula kwa Epulo kunatsitsa ndalama zotsala mpaka banki inaika chindapusa cha K2,000. Kukanapanda kudula kwa inshuwalansi kuja, zonsezi sizikanakhalapo. Ndiye K55,500 kuonjezera K3,600 ndi K2,000 ndi K61,100. Zolipiritsa zimenezi zili m'manja mwa banki yeniyeniyo, si za kampani ya inshuwalansi, choncho ndi zosavuta kubweza kuposa zinazo, bola zipemphedwe. Chiwongoladzanja musavutike kuchiwerengera. Pa akaunti yosungira n'chochepa, ndipo makina awo ndiwo amadziwa kuwerengera kwa tsiku ndi tsiku. Ingochitchulani kuti chisaiwalike.

Tsiku la 17 Juni mayiyo wasankha yekha, masabata awiri kuchokera pa tsiku la kalata. Ubwino wake ndi wakuti likubwera 28 Juni isanafike, kotero ngati banki sinachite kanthu ali ndi masiku okakumbutsa asanadulidwe kachinayi. Lembani tsiku lenileni, osati "mwamsanga" kapena "posachedwa", mawu amene aliyense amawamva mmene akufunira. Popereka kalata funsaninso kuti ndondomeko ya banki yawo imapereka masiku angati oyankhira dandaulo, ndipo lembani yankho lawolo kuseri kwa kope lanu.

Pempho loimitsa kudula laikidwa poyamba mwadala. Kufufuza kungatenge nthawi, koma kuimitsa lamulo lodula ndi ntchito ya tsiku limodzi, ndipo mwini akaunti ali ndi ufulu wouza banki yake kuti isalipirenso. Mabanki ena ali ndi fomu yakeyake ya zimenezi. Idzazeni tsiku lomwelo.

Ndilembe m'Chichewa kapena m'Chingerezi? Nanga amene sadziwa kulemba?

Mabanki kwathu kuno amayendetsa mafailo awo m'Chingerezi, ndipo ngati muli ndi wokuthandizani wodalirika, kalata ya Chingerezi imayenda msanga m'maofesi awo. Koma kalata ya Chichewa yomveka bwino iposa ya Chingerezi chokhotakhota imene inu mwini simukudziwa zimene ikunena. Musasaine chinthu chimene simunachimve. Chimene wofufuza akufuna ndi nambala ya akaunti, masiku, ndalama ndi nambala za mizere, ndipo zimenezo n'zofanana m'zinenero zonse. Mawu ofotokoza a pa sitetimenti akopereni monga alili, musawamasulire.

Amene sadziwa kulemba amulembere wina, amuwerengere mokweza, kenako adinde chala ngati ndi mmene anatsegulira akaunti, ndipo apite yekha ku banki ndi chiphaso chake. Banki siikambirana za akaunti ya munthu ndi mwana wake kapena mwamuna wake popanda chilolezo cholemba. Ngati akaunti ndi ya gulu, monga mpingo kapena banki mkhonde, asaine anthu amene amasainira potapa ndalama, mwa chiwerengero chomwecho.

Kalatayo ndiipereke bwanji kuti isasowe?

Pangani makope awiri. Limodzi musiye, linalo akudindireni chidindo cha banki choonetsa tsiku, wolandirayo asainepo, mubwerere nalo kunyumba. Kope lodindidwalo ndilo chinthu chamtengo wapatali pa nkhani yonseyi, kuposa mawu okoma alionse amene mwalemba. Wolandira akakana kudinda, pemphani kuonana ndi wamkulu wake. Kudinda sikutanthauza kuti banki yavomera kulakwa, kumangosonyeza kuti kalata yafika. Funsaninso nambala ya dandaulo lanu. Dandaulo limene lapatsidwa nambala ndiye kuti lalowa m'kaundula, ndipo limene lilibe nambala mwina lili m'dilowa ya munthu.

Perekani makope okhaokha a sitetimenti ndi chiphaso, zenizeni zikhale kwa inu. Amene ali kutali, monga ku Joni kapena ku Ulaya, atumize pa imelo ya madandaulo imene ili pa sitetimenti kapena pa zikalata za banki, kalata yosainidwa atayijambula, ndipo asunge uthenga wotumizawo. Mauthenga a pafoni onena za kudulako musawafufute.

Banki ikuti "ife tinangotumidwa, pitani ku kampani ya inshuwalansi". Nditani?

Yankho limeneli limabwera kawirikawiri, ndipo lili ndi choonadi pang'ono: ndalamazo zinapitadi ku kampaniyo, ndipo fomu yosainidwa, ngati ilipo, mwina ili m'mafailo a kumeneko. Koma pangano lanu losunga ndalama lili ndi banki, ndipo amene anatsegula chitseko kuti ndalama zituluke ndi banki. Musalole kuti nkhani ichoke m'manja mwawo. Auzeni alembe yankho limenelo, atchule dzina la kampaniyo ndi nambala ya inshuwalansi imene ndalama zanu zikulipira.

Mukapatsidwa zimenezo, lemberani kampaniyo kalata yofanana, yopempha kope la fomu imene akuti munasaina, ndipo kope la kalatayo mupereke ku banki. Nambala ya inshuwalansi ija nthawi zambiri ndiyo imamasula mfundo yonse. Ikaonetsa dzina la munthu wina, ndiye kuti panali kuphonya manambala, ndipo palibenso chokangana. Kuyenda mbali ziwiri chonchi n'kotopetsa ndipo si chilungamo kwenikweni kuti wolakwiridwa ndiye aziyenda, koma kumafulumizitsa zinthu, ndipo mabanki ndi makampani a inshuwalansi onse amayang'aniridwa ndi ofesi imodzi ya ku Banki Yaikulu, choncho mukadzakwera pamwamba failo yanu idzakhala ndi mbali zonse.

Nanga akatulutsa fomu ili ndi saini yanga?

Iyang'aneni modekha, ndipo pemphani kope. Onani tsiku: munali kuti tsiku limenelo? Onani nambala ya chiphaso, nambala ya foni, mayina a odzalandira chipukuta misozi. Fomu yodzazidwa ndi munthu wosakudziwani imagwidwa pa mayina a abale, chifukwa amangopeka. Onaninso ngati ndalama zolembedwa pa fomu zikufanana ndi zimene akudula. Chilolezo cha K5,000 si chilolezo cha K18,500.

Ngati sainiyo si yanu, nenani choncho m'kalata yachiwiri, pemphani kuti aifananitse ndi imene ili pa failo yanu yotsegulira akaunti, ndipo kanenetseni kupolisi, chifukwa kubera saini ndi mlandu. Lipoti la apolisi muliphatikize.

Ngati ndi yanudi, mwina munasaina pakati pa mulu wa mapepala tsiku lotsegula akaunti kapena lotenga ngongole, nkhani yasintha ndipo kalata isinthenso. Simungapitirize kunena kuti panalibe chilolezo. Mungathe kuletsa inshuwalansiyo kuyambira lero, ndipo ngati sanakufotokozereni chimene mukusaina kapena sanakupatseni chikalata chilichonse cha inshuwalansiyo, mungadandaule kuti anakugulitsani mosayenera n'kupempha kuti akubwezereni. Dandaulo lotere ndi lofooka poyerekeza ndi loyamba lija, koma si lopanda pake.

Kalata yomweyi ingagwire ntchito ngati ndalama zatapidwa ndi akuba, kapena makina a ATM anadula osatulutsa ndalama?

Mafupa ake ndi omwewo, koma umboni ndi wina. Pa makina, lembani malo amene makinawo ali, banki yake, tsiku, ola ndi ndalama, ndipo phatikizani kalisiti ngati kanatuluka. Ngakhale makinawo akhale a banki ina, dandaulani ku banki yanu, chifukwa ndiyo ingafunse inzake kudzera mu Natswitch, njira imene imalumikiza makina a mabanki m'dziko muno. Makina amasunga mbiri ya chilichonse chimene achita, ndipo powerenga ndalama zotsala m'kati mwake zotsalira zanu zimaoneka. Nkhani zoterezi sizivuta kwenikweni.

Za akuba n'zolimba. Banki idzafunsa ngati munauzapo munthu nambala yachinsinsi kapena nambala imene imabwera pa foni povomereza kutumiza ndalama. Ngati munauza munthu amene anaimba n'kudzitcha wa ku banki, nenani zoona, chifukwa mbiri ya m'makina idzaonetsa kuti nambala yolondola inagwiritsidwa ntchito, ndipo bodza likagwidwa limawononga ndi mbali zina za dandaulo zimene zinali zoona. Lembani ola limene munaimbira banki kuti itseke akaunti. Ndalama iliyonse imene inatuluka ola limenelo litadutsa, banki ili ndi funso lovuta kuyankha. Ngati zinatuluka pa khadi kukagula zinthu kunja, musachedwe konse: makampani a makhadi monga Visa ali ndi malire a nthawi yotsutsira, kawirikawiri masiku 120.

Tsiku lija ladutsa, banki ili chete kapena yakana. Ndipite kuti?

Lembani kalata yachiwiri yaifupi yopita ku ofesi ya madandaulo ku likulu la bankiyo, yotchula nambala ya dandaulo ndi tsiku la chidindo, kope la kalata yoyamba litaphatikizidwa. Nthawi zina nkhani imakhala itagona pa nthambi, kulikulu sakuidziwa n'komwe.

Kukakanika kumeneko pitani ku Banki Yaikulu ya dziko lino. Malinga ndi lamulo loyendetsera mabungwe a zachuma la 2010, Gavanala wa bankiyi ndiyenso woyang'anira mabungwe onse a zachuma, ndipo ofesi yake imalandira madandaulo a makasitomala. Pa envelopu lembani kuti Registrar of Financial Institutions, Reserve Bank of Malawi. Likulu lili ku Lilongwe, ndipo nthambi zili ku Blantyre ndi ku Mzuzu. Iwo amayembekezera kuti munayamba mwapatsa banki yanu mpata, choncho tumizani makope a makalata onse awiri odindidwa, sitetimenti, ndi yankho la banki ngati linabwera, pamodzi ndi tsamba limodzi lofotokoza zimene zinachitika motsata masiku. Bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la CFTC nalonso limamva madandaulo a ogula. Khothi ndi njira yomaliza, ndipo pa K61,100 muyambe mwawerengera zoyendera ndi masiku osiya geni musanasumire.

Pamene mukudikira, musatseke akauntiyo mwaukali. Ndalama zobwezedwa zimalowa mu akaunti imene zinachokera, ndipo ikatsekedwa mumayambitsa ntchito ina yatsopano. Ngati mukuopa kudulidwanso mungasamutse zambiri n'kusiya mlingo umene banki imafuna, koma dziwani kuti lamulo lodula likapeza ndalama zosakwana mabanki ena amaika chindapusa china, chimene mudzayeneranso kuchitsutsa.

Andiimbira foni kuti ndalama zabwezedwa. Ndidziwa bwanji kuti zabwera zonse?

Tengani sitetimenti yatsopano, musadalire ndalama zotsala zokha, chifukwa pakati apo mwina mwaikamo kapena kutapa. Zobwezedwa zimaoneka kumbali ya zolowa, nthawi zambiri ndi mawu akuti Reversal kapena Refund. Ikani sitetimenti yakale pambali pa yatsopano, ndipo mzere uliwonse mwa isanu ndi iwiri ija muupezere mnzake. Mayi uja akhoza kupeza K55,500 yalowa kamodzi kuchokera ku kampani ya inshuwalansi, pamene K5,600 ya zolipiritsa ndi chindapusa palibe, chifukwa imeneyo imayenera kuchokera ku banki ndipo munthu wina ndiye amaivomereza. Apo alembe mizere itatu yokha, yotchula nambala ya dandaulo, yothokoza pa K55,500 ndi kukumbutsa K5,600 yotsala. Akamupatsa pepala loti asaine kuti nkhani yatha, asasaine mpaka yotsalayo italowa.

Kenako ayang'ane akaunti pa 28 Juni, ndiponso pa 28 Julayi. Kubweza ndalama ndi kufafaniza lamulo lodula ndi ntchito ziwiri zosiyana m'makina a banki, ndipo zimachitika kuti yoyamba yachitika yachiwiri yaiwalika. K18,500 ikadzaonekanso, asayambe dandaulo latsopano. Alembe pa nambala yakale yomweyo, aphatikize kope lodindidwa la pa 3 Juni limene linapempha kale kuti kudulako kuimitsidwe.